Foni ya bizinesi yabedwa, muli mapasipoti a anthu: muwauza liti, ndipo muwauza chiyani?

Ambiri mwa ife amene timachita bizinesi kuno ku Joni tilibe ofesi yokhala ndi makabati a mafayilo. Ofesi yathu ndi foni. Wonyamula katundu kupita kumudzi, woyendetsa chipereganyu, mlembi wa bungwe la maliro, mayi wogulitsa zovala pangongole, onsewa amasunga mayina a anthu, manambala awo, komwe amakhala, ndipo nthawi zambiri zithunzi za mapasipoti. Zonsezo zili m'thumba la buluku kapena m'kachikwama ka m'manja. Tsiku limene foniyo yapita, munthu amayamba kulira mtengo wa foni. Koma chimene chatayika kwenikweni ndi zinsinsi za anthu ena, ndipo eni akewo sakudziwa kanthu.

Tiyeni titsate chitsanzo chimodzi kuyambira pachiyambi. Ndi chongoyerekeza, manambala akenso ndi ongoyerekeza, koma aliyense amene wakhala mu tauni muno achizindikira.

Bambo wina ali ndi kabizinesi konyamula katundu kuchokera ku Johannesburg kupita ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Amalandirira katundu chakufupi ndi Park Station. Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, cha m'ma 5 koloko madzulo, ali pa loboti ndipo akuyankha uthenga wa kasitomala windo la galimoto lili lotsegula. Dzanja likulowa, foni yapita. Chofunika kuchigwira apa n'chakuti foniyo yapita ili yotsegula, chifukwa amaigwiritsa ntchito. Wakubayo safunika kuthyola loko wina aliyense bola asailole kuzima.

Mufonimo muli WhatsApp ya bizinesi yokhala ndi makasitomala 600. Mwa amenewa, 140 adatumizako zithunzi za mapasipoti awo kapena mapepala okhalira m'dziko muno, chifukwa ankafunika polemba katundu wamkulu ngati mafiriji ndi mabedi. Mulinso ndandanda ya ulendo wa sabata imeneyo: dzina la wotumiza, katundu wake, dzina ndi nambala ya wolandira kumudzi. Lole idanyamuka Lachinayi, ndipo panthawiyi ili pamzere ku Beitbridge.

Tsopano yerekezani kuti ndinu wakuba wochenjera pang'ono. Muli ndi nambala imene makasitomala amaikhulupirira, muli ndi dzina la munthu aliyense ndi katundu wake, ndipo mukudziwa kuti lole ili pa chipata. Uthenga wake sumavuta kulemba: "Mayi, firiji yanu yagwidwa pa boda, akufuna R800 usiku uno, apo ayi ayitsitsa. Tumizani pa nambala iyi." Mayi amene walandira uthengawu alibe chifukwa chokayikira. Wachokera pa nambala yomwe ija, watchula firiji, ndipo nkhani za kuvutitsidwa pa chipata si zachilendo. Chimodzi chokha chimene chingamuletse kutumiza ndalamazo ndi kukhala atamva kale kuti foni ija ili m'manja mwa wina. Nkhani yonse ya kudziwitsa makasitomala yagona pamenepa: uthenga wa ndani ufike kaye, wanu kapena wa wakuba.

Zimene lamulo likunena

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu m'dziko la South Africa limadziwika kuti POPIA. Lidakhazikitsidwa mu 2013, magawo ake ambiri adayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2020, ndipo mabizinesi adapatsidwa chaka chimodzi chokonzekera, kotero kuti kuyambira pa 1 Julaye 2021 palibenso chonamizira. Bungwe loyang'anira lamuloli ndi Information Regulator, ndipo likulu lake lili mu Johannesburg momwemu. Gawo limene likutikhudza ndi 22. (Ambiri a ife tikamva gawo 22 timaganiza za pepala la ofuna malo othawirako, lija la lamulo la anthu othawa kwawo. Ili ndi lamulo lina, nambala yokha ndiyo yafanana.)

Gawoli likuti ngati pali zifukwa zomveka zokhulupirira kuti munthu wosaloledwa waona kapena watenga zinsinsi za anthu zimene mumasunga, muyenera kudziwitsa mbali ziwiri: bungwe loyang'anira lija, ndi eni ake a zinsinsizo. Mawu oyenera kuwalemera bwino ndi akuti "zifukwa zomveka". Lamulo silikufuna kuti mukhale ndi umboni wosatsutsika kuti wakubayo watseguladi zithunzi. Foni yotsegula imene yalandidwa m'manja ndi chifukwa chokwanira. Bambo wathu uja akayamba kudzitonthoza kuti mwina mnyamatayo amangofuna foni yogulitsa, akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma alibe njira yodziwira, ndipo amene alipire ngati walakwitsa si iye. Akale adati ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Pali zinthu zina zitatu zimene anthu amasokoneza. Choyamba, lamuloli silimafunsa kukula kwa bizinesi. Limakhudza aliyense amene amasankha chifukwa ndi njira yosungira zinsinsi za anthu, kaya ndi banki ya ku Sandton kaya ndi munthu mmodzi wokhala ndi lole imodzi. Chimene chimachotsedwa ndi zosunga za pakhomo chabe, monga manambala a abale ndi anzanu. Chachiwiri, silimafunsa dziko la kasitomala. Mmalawi, Mzambiya kapena wa ku Mozambique amatetezedwa chimodzimodzi ndi nzika, ndipo ngakhale kampani imene ndi kasitomala wanu imawerengedwa ngati mwini zinsinsi. Chachitatu, mulibe mzere wakuti kutayika kochepa musakunene. Malamulo a ku Ulaya amalola kusauza eni ake ngati chiopsezo n'chochepa, koma POPIA ilibe khomo limenelo.

Nanga nthawi? Mudzamva anthu akunena za maola 72. Nambala imeneyo ndi ya lamulo la ku Ulaya, ndipo mu gawo 22 mulibe. Lamulo la kuno likungoti mudziwitse mwamsanga momwe kungathekere mukangozindikira, poganizira zosowa za apolisi komanso nthawi yofunika kuti mudziwe kukula kwa vutolo ndi kutseka pobooka. Ena amawerenga zimenezi ngati mpata wopumira. Ine ndimaziwerenga mosiyana: popanda nambala, mulibe pobisala. Kampani yaikulu yokhala ndi makompyuta mazanamazana ingafune masiku kuti idziwe chomwe chatengedwa. Bambo wa foni imodzi amadziwa zomwe zinali mufonimo pa mphindi yomweyo. Akadikira mpaka Lolemba, angafotokoze chiyani?

Kuchedwa kuuza eni ake kumaloledwa pa chifukwa chimodzi chokha: ngati apolisi, kapena bungwe lina la boma lofufuza milandu, kapena Information Regulator yeniyeniyo, anena kuti kudziwitsa anthu kusokoneza kafukufuku wa mlandu. Iwo ndiwo amagamula, osati inu. Kungotsegula mlandu ku polisi sikukupatsani chilolezo chokhala chete.

Mbiri ya dziko lino ikusonyeza zomwe kuchedwa kumachita. Mu 2020 kampani yosunga mbiri ya ngongole ya Experian idapereka zinsinsi za anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu amene adadzionetsa ngati kasitomala weniweni. Zinsinsizo zidaperekedwa mu Meyi, ndipo anthu adamva mu Ogasiti. Miyezi yonse ya pakatiyo, munthu akalandira foni ya wina wodziwa nambala yake ya chiphaso ndi komwe amagwira ntchito, analibe chomuchenjeza.

Usiku woyamba

Tibwerere kwa bambo uja. Kutseka pobooka ndi kudziwitsa anthu si ntchito zoti imodzi idikire inzake. Ziyendere limodzi, ndipo ngati pali anthu awiri, agawane.

Kutseka kumayamba ndi akaunti ya Google kapena ya Apple imene foniyo imagwiritsa ntchito. Pa foni ya mkazi wake kapena ya mnzake, alowe mu akauntiyo, alamule kuti foni yobedwayo ikiyidwe kapena ifufutidwe, kenako asinthe pasiwedi. Lamulo lofufutalo limagwira ntchito pokhapokha foniyo ikalumikizana ndi intaneti. Akuba amadziwa zimenezi, ndipo ambiri amachotsa simukhadi kapena kuzimitsa netiweki pomwepo. Choncho kudina batani lofufuta si umboni wakuti zafufutika. Kenako aimbire kampani ya foni kuti itseke simukhadi, aimbirenso banki, chifukwa manambala achinsinsi aja a OTP amabwera pa simukhadi yomweyo. M'mawa apite kukatenga simukhadi yatsopano ya nambala yakale, n'kukatsegula mlandu ku polisi atatenga nambala ya IMEI, imene imalembedwa pa bokosi la foni.

Kupezanso nambala yakale n'kofunika kwambiri. Akaiyika mu foni ina n'kulembetsa WhatsApp, amalandira nambala ya manambala 6 pa uthenga, ndipo akangoilowetsa, wakuba uja amatulutsidwa mu akauntiyo. Koma apa pali msampha: kutuluka mu WhatsApp sikuchotsa zithunzi zimene zidasungidwa kale mu foni. Mapasipoti 140 aja akadali m'malo osungira zithunzi. Wakuba sangathenso kulankhula ngati mwini bizinesi pa nambala ija, koma angathe kutenga nambala ina, kuikapo chithunzi cha lole, n'kunena kuti tasintha nambala.

Pakati pa 5 koloko madzulo a Lachisanu ndi nthawi imene mashopu a foni atsegule Loweruka pali usiku wathunthu, ndipo usiku umenewu ndi umene uli woopsa. N'chifukwa chake bizinesi iliyonse imafunika ndandanda ya makasitomala yosungidwa kwina, ngakhale m'kope wamba. Bambo wathu ali ndi mabuku a malisiti kunyumba. Ayambe ndi anthu amene katundu wawo ali pamsewu, tinene kuti alipo 45, ndipo awaimbire mmodzimmodzi. Mawu ake amawadziwa, ndipo mawu ndi chinthu chimene wakuba alibe. "Achimwene, ndine uja wa katundu. Foni yanga yabedwa madzulo ano. Katundu wanu ali bwino, lole ili pa Beitbridge. Aliyense akakutumizirani uthenga pa nambala yanga ija wofuna ndalama, si ine. Muwauzenso akumudzi." Mphindi imodzi pa munthu. Auzenso dalaivala, chifukwa nayenso akhoza kulandira malangizo abodza okatsitsa katundu pena.

Akumudzi asaiwalidwe. Mayina ndi manambala a olandira katundu ku Ndirande kapena ku Kawale ndi zinsinsi za anthu zimene bizinesiyo inkasunga, ndipo iwowo ndi amene amanyengeka msanga. Gogo amene wamva kuti katundu wochokera kwa mwana wake wagwidwa pa Mwanza amathamangira kwa ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba osafunsa kawiri.

Kalata yeniyeni

Kuimba foni kumapulumutsa anthu, koma sikukwaniritsa lamulo. Gawo 22 likufuna chidziwitso cholembedwa, ndipo limatchula njira zake: kalata yopita ku adiresi yomaliza imene mukuidziwa, imelo, malo oonekera bwino pa webusaiti yanu, nyuzipepala kapena njira zina zofalitsira nkhani, kapena njira ina imene bungwe loyang'anira lalamula. Imodzi mwa izi ndi yokwanira. Mwaona kuti WhatsApp ndi mauthenga a pa foni sizidatchulidwe. Koma makasitomala athu ambiri alibe imelo imene amaitsegula, amasamuka nyumba kawirikawiri, ndipo kabizinesi kathu kalibe webusaiti. Apa lamulo ndi moyo wathu zimasemphana pang'ono. Njira yanzeru ndi kuchita zonse ziwiri: tumizani pa njira imene ifikadi, tumizaninso pa njira ya m'lamulo kwa onse amene muli ndi imelo kapena adiresi yawo, ndipo pouza bungwe loyang'anira fotokozani mmene mwafikira otsalawo. Likafuna kuti mulengeze mwanjira ina, lili ndi mphamvu yokulamulani.

Zoyenera kukhala m'kalatamo lamulo lazitchula: zomwe zingachitike chifukwa cha kutayikako, zomwe mwachita kapena mukufuna kuchita, zomwe mwini wake achite kuti adziteteze, ndi dzina la amene watenga ngati mukumudziwa. Cholinga chake chidalembedwanso momveka, kuti munthu akhale ndi zokwanira zoti adziteteze nazo. Muyeso wa kalata yabwino ndi umenewo. Munthu akaiwerenga, kodi akudziwa chochita usiku womwewo?

Makasitomala 600 aja si ofanana, ndiye kalata imodzi singawakwanire. Anthu 460 ataya dzina, nambala ndi mbiri ya katundu. Anthu 140 ataya zimenezo pamodzi ndi chithunzi cha pasipoti. Mukatumiza kalata imodzi yonena kuti mwina mapasipoti a ena atengedwa, anthu 600 onse adzaimba kufunsa ngati yawo ilipo, ndipo 140 enieniwo sadzadziwa kuti akunenedwa ndi iwo. Kalata ya gulu lachiwiri ingakhale yotere:

"Okondedwa makasitomala athu, tikukudziwitsani kuti Lachisanu cha m'ma 5 koloko madzulo foni ya bizinesi yathu idalandidwa mu tauni ili yotsegula. Mufonimo munali dzina lanu, nambala yanu, mauthenga amene tinkatumizirana, dzina ndi nambala ya wolandira katundu kumudzi, komanso chithunzi cha pasipoti yanu. Munalibe manambala achinsinsi a ku banki. Amene adatenga sitikumudziwa.

Munthu ameneyu angakutumizireni uthenga ngati ndife, wofuna ndalama za pa boda. Angakuimbireni ngati wa ku banki kapena wa boma, akutchula nambala ya pasipoti yanu kuti mumukhulupirire. Angayesenso kutenga ngongole kapena simukhadi m'dzina lanu.

Ife tatseka simukhadi, tapezanso nambala yathu yakale, tasintha mapasiwedi, tatsegula mlandu ku polisi, ndipo tadziwitsa Information Regulator. Talamula kuti foniyo ifufutidwe, koma mpaka pano sizinatsimikizike kuti yafufutika.

Chonde musatumize ndalama kwa aliyense wonena kuti ndife. Sitinasinthe nambala kapena akaunti. Musapereke OTP kwa munthu aliyense. Achenjezeni akumudzi lero lomwe. Ngati foni yanu yasiya kugwira netiweki mwadzidzidzi, imbirani kampani ya foni ndi banki nthawi yomweyo. Tidzakulemberaninso Lachisanu likudzali, kaya pali chatsopano kaya palibe. Pepani kwambiri."

Taonani chiganizo chakuti sizinatsimikizike kuti yafufutika. Mwini bizinesi aliyense angafune kuchichotsa, chifukwa chimamuonetsa wofooka. Koma ndicho chimene chimapangitsa kasitomala kukhala tcheru sabata yonse m'malo mogona tulo. Makalata a makampani akuluakulu amakonda kunena kuti palibe umboni wakuti zinsinsi zagwiritsidwa ntchito molakwika. Tsiku loyamba, mawu amenewa ndi oona koma opanda pake, chifukwa umboniwo ukanachokera kuti? Ndi mawu otonthoza wolemba, osati wowerenga. Chiganizo chakuti munalibe manambala a ku banki nachonso n'chofunika, bola chikhale choona. Kunena zomwe sizidatengedwe kumachepetsa mantha opanda pake. Koma fufuzani kaye: makasitomala angati adatumizako chithunzi cha umboni wa malipiro chimene chikuonetsa nambala ya akaunti yawo?

Pa nkhani ya dzina la wakuba, lamulo likuti mutchule ngati mukumudziwa. Kudziwa si kukayikira. Ngati mukuganizira mnyamata amene mudamuchotsa ntchito mwezi watha koma mulibe umboni, musalembe dzina lake kwa anthu 600, chifukwa mudzadzitengera mlandu wina woipitsa mbiri ya munthu.

Kwa amene mapasipoti awo atengedwa, pali malangizo awiri ena amene amathandizadi. Bungwe lolimbana ndi chinyengo la SAFPS limalembetsa mwaulere anthu amene ziphaso zawo zatayika kapena zili pangozi, ndipo mabanki ndi masitolo okongoza amene ali mamembala ake amaona chenjezo n'kufufuza mozama wina akafuna ngongole m'dzina limenelo. Komanso lamulo la ngongole limapatsa munthu ufulu woona mbiri yake ya ngongole kwaulere kamodzi pachaka ku makampani ngati TransUnion ndi Experian. Pasiwedi munthu amasintha mu mphindi ziwiri, koma nambala ya pasipoti ndi tsiku lobadwa sizisinthika choncho, ndiye kuyang'anira kwake n'kwa miyezi.

Palinso chiopsezo chimene makalata a m'mabuku sachitchula, koma ife tikuchidziwa. Pa zithunzi 140 zija pangakhale za anthu amene masiku awo okhalira m'dziko muno adatha. Munthu wotere akaimbiridwa ndi wina wodzitcha wa ku Home Affairs, wodziwa nambala yake ya pasipoti ndi nyumba yomwe amakhala, amalipira mwakachetechete ndipo sakadandaula kulikonse. Mzere uja wa m'kalata wonena za wodzitcha wa boma udaikidwa chifukwa cha iyeyu. Ena amaopanso kuti kuuza bungwe loyang'anira ndi kupereka makasitomala awo m'manja mwa boma. Lipoti limene mumapereka limafotokoza zomwe zachitika, mtundu wa zinsinsi ndi kuchuluka kwa anthu. Simutumiza mapasipotiwo.

Zimene zimalakwika potumiza

Munthu wosokonezeka amapanga gulu la WhatsApp, n'kuikamo makasitomala onse kuti alengeze kamodzi. Wangoonetsa nambala ya aliyense kwa anthu mazana osadziwana, ndiye kuti kutayika kwachiwiri, kochitidwa ndi mwini wake. Pa imelo cholakwa chake n'chomwecho: maadiresi onse kuwaika pa To kapena Cc m'malo mwa Bcc. Chimene chimafunika pa WhatsApp ndi ndandanda yofalitsira, imene munthu aliyense amalandira yekha. Ndandanda imodzi imatenga anthu 256, choncho 600 afuna zitatu, ngakhale mutawasiyanitsa magulu awiri aja bwinobwino. Malire ake ndi akuti uthengawo umangofika kwa amene adasunga nambala yanu mufoni mwawo. Ichi ndi chifukwa china chopezeranso nambala yakale, ndipo pambuyo potumiza muyenera kuona amene sanalandire n'kuwatumizira mmodzimmodzi.

Vuto lina ndi lakuti chenjezo lanu limafanana ndi uthenga wa akuba. Nawonso amalemba kuti akaunti yanu ili pangozi. Kusiyana kwake kukhale koonekera: kalata yanu isapemphe kanthu. Isakhale ndi ulalo wodina, isafunse munthu kuti atsimikize nambala ya pasipoti, isatchule akaunti yatsopano yolipirira. Ndipo perekani njira yotsimikizira imene wakuba sangaitsanzire, monga kubwera pamalo amene mumalandirira katundu, pomwe mwamatapo kalata yomweyo.

Lipoti la ku Information Regulator limaperekedwa pa intaneti. Kale anthu ankadzaza fomu n'kuitumiza pa imelo, koma kuyambira mu Epulo 2025 bungweli likufuna kuti zidzere pa tsamba lake la eServices. Amene amapereka ndi woyang'anira zinsinsi wa bizinesiyo, yemwe pa lamulo ndi mwini kapena mkulu wake, ndipo amayenera kukhala wolembetsedwa ku bungweli. Ndi bwino kulembetsa zinthu zili bwino, chifukwa Loweruka m'mawa, mutu ukuwawa, si nthawi yoyamba kuphunzira tsambalo. Musadikire yankho lawo kuti muuze makasitomala. Ntchito ziwirizi n'zosiyana.

Za chilango anthu amazikokomeza. N'zoona kuti lamulo limalola chindapusa chofika R10 miliyoni. Koma kawirikawiri bungweli limayamba ndi kufufuza, kenako kalata yolamula zoyenera kukonza, ndipo chindapusa chimadza munthu akanyozera kalatayo. Ndi mmene zidachitikira ndi unduna wa zachilungamo wa dziko lino: makompyuta ake adaukiridwa mu Seputembala 2021, udalamulidwa kukonza zinthu, ndipo mu Julaye 2023 udalipitsidwa R5 miliyoni chifukwa chosatsatira lamulolo. Kwa bizinesi yaing'ono, chowopsa chapafupi ndi kasitomala amene wataya ndalama n'kuzindikira kuti inu mudadziwa masiku atatu apitawo. Ali ndi ufulu wokadandaula ku bungweli kapena kukasuma ku khoti. Ndipo pakati pa Amalawi a ku Mayfair, ku Fordsburg ndi ku Diepsloot, nkhani yotere imafika ku tchalitchi ndi ku mzikiti sabata lisanathe.

Nanga foni yobedwa ikanakhala ya wina amene amakugwirirani ntchito, monga mwini lole amene mudamuchita hayala, kapena wokuwerengerani ndalama amene ali ndi ofesi yake? Gawo 21 likuti munthu wotere ayenera kukudziwitsani inu nthawi yomweyo, ndipo payenera kukhala mgwirizano wolembedwa wonena mmene asungire zinsinsizo. Koma udindo wouza makasitomala ndi wanu, chifukwa adapereka zinthu zawo kwa inu. Mu 2022 zinsinsi za makasitomala pafupifupi 3.6 miliyoni a masitolo a mankhwala a Dis-Chem zidatuluka kudzera ku kampani ina imene inkawagwirira ntchito, ndipo amene adayenera kuyankha mafunso a bungwe loyang'anira anali Dis-Chem. Choncho dalaivala wanu ayenera kudziwa kuti foni yake ikatayika ku Tete, munthu woyamba kumuuza ndi inu, ngakhale pakati pa usiku.

Lachisanu lotsatira

Kalata yachiwiri ndi imene ambiri satumiza, chifukwa phokoso limakhala litazizira ndipo safuna kukumbutsa anthu. Koma mudalonjeza, ndipo sabata imodzi imabweretsa zinthu zimene simukanazidziwa tsiku loyamba. Mu chitsanzo chathu, tinene kuti makasitomala 7 adalandiradi uthenga wofuna ndalama usiku wa Lachisanu, wakubayo asanatulutsidwe mu WhatsApp. Asanu ndi mmodzi anali ataimbiridwa kale, sadatumize. Mayi mmodzi foni yake inali yozima pamene ankaimbiridwa, adaona uthenga wa wakuba m'mawa, ndipo adatumiza R800. Lachitatu munthu wina wa gulu la mapasipoti adaimbiridwa ndi wodzitcha wa ku banki.

Zonsezi zikusintha nkhani. Poyamba mumati mwina zinsinsi zaonedwa, tsopano mukudziwa kuti zaonedwa ndipo zikugwiritsidwa ntchito. Kalata yachiwiri inene zimenezo mosabisa, popanda kutchula mayina a anthu okhudzidwa. Ifotokoze mawu amene wakubayo akugwiritsa ntchito, kuti anthu akawamva awazindikire. Nambala imene idalandira R800 ija ipite kwa wapolisi wofufuza mlandu ndi ku banki kapena kampani imene ndalamazo zidadzera, ndipo lipoti la ku bungwe loyang'anira liwonjezeredwe. Mayi uja asalandire kalata ya gulu yokha. Aimbiridwe, athandizidwe kukanena ku banki yake ndi ku polisi, ndipo mwini bizinesi aganize mozama zomubwezera ndalamazo, chifukwa adatumiza pokhulupirira nambala ya bizinesi.

M'kalata yomweyo muyenera kukhala yankho la funso limene makasitomala akhala akufunsa sabata yonse: pasipoti yanga ya chaka chatha inkatani mufoni mwanu? Pa zithunzi 140 zija, mwina 20 zokha zinali za katundu amene akadali pamsewu. Zina zonse zinali za maulendo amene adatha kale, ndipo POPIA siilola kusunga zinsinsi kupyola nthawi imene zikufunika, pokhapokha pali lamulo kapena chifukwa chomveka chozisungira. Bambo wathu alembe kuti kuyambira tsopano chithunzi cha pasipoti chizichotsedwa mufoni katundu akangofika ndi kulandiridwa, kuti WhatsApp yaletsedwa kusunga yokha zithunzi mu foni, kuti yaikidwa loko wake wa chala, ndi kuti zimene ziyenera kusungidwa chifukwa cha msonkho zizikhala pa kompyuta ya kunyumba yokhala ndi pasiwedi. Kenako akhale pansi Loweruka, atsegule zosungira za pa intaneti zimene zidabwerera mu foni yatsopano, afufute zithunzi 120 zakalezo chimodzichimodzi.